Khungu likaoneka losintha pachithunzi: kusiyanitsa vuto la kamera, vuto lodikirika ndi vuto lofuna chipatala

Pafupifupi sabata iliyonse ndimalandira pafoni chithunzi cha tsaya, chipumi kapena khosi la munthu, ndipo mafunso otsatira chithunzicho amakhala omwewo: kodi chimenechi n'chiyani, nanga ndipakepo chiyani? Otumizawo amakhala abale ndi anansi omwe amadziwa kuti ntchito yanga ndi yoona odwala. Chithunzi chimatha kusonyeza kuti pakhungu pasintha kanthu, koma sichinena ngati pamalopo pakuyabwa, pachita dzanzi, patukuka kapena pakhala potero kwa miyezi ingati, pamene mayankho a mafunso amenewa ndiwo amalozera matenda. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ambiri amatumiza chithunzi atapaka kale kirimu wosakaniza wogula pamsika, ndipo kirimuyo amakhala atasintha maonekedwe a vutolo kapena kulikulitsa kumene.

Pachizindikiro chilichonse pansipa, zoyambitsa zandandalikidwa kuyambira pa chofala kwambiri kufikira chosowa.

## Chizindikiro choyamba: chilema chikuoneka pachithunzi koma pagalasi sichikuoneka

Musanagule mankhwala alionse, tsimikizani kaye kuti chimene mukuonacho chilidi pakhungu. Zimene zimanamiza maso kawirikawiri ndi izi:

1. Kuwala kochokera mbali imodzi kapena pamwamba. Babu la padenga limaika mthunzi pansi pa maso ndi m'mbali mwa kamwa, ndipo kuwala kodutsa chammbali kumakuza kachiphuphu kalikonse ndi kachipsera kalikonse.
2. Fulashi. Imawalitsa mafuta a pachipumi ndi pamphuno, moti malo amenewo amaoneka oyererako pamene masaya ndi chibwano zikuoneka zakuda. Paudala ndi mafuta ena oteteza ku dzuwa amabweza kuwala kwa fulashi, nkhope n'kuoneka ngati yapakidwa phulusa.
3. Kukonza kumene foni imachita yokha. Mafoni ambiri amasalalitsa nkhope ngati `Beauty` ndi yoyatsa, ndipo `HDR` imasintha kusiyana kwa malo owala ndi akuda. Munthu wozolowera kudziona pa kamera yakutsogolo amadzidzimuka akajambulidwa ndi kamera ya mnzake.
4. Kuchepetsedwa kwa chithunzi potumiza. `WhatsApp` imachepetsa kukula kwa zithunzi, choncho timamba ndi m'mphepete mwa banga siziwoneka bwino.

Kuti muyese, sambani kumaso, dikirani mphindi 30 osadzola kanthu, imani moyang'ana zenera kapena pakhonde pomwe pali kuwala kwa masana koma dzuwa silikukuombani, zimitsani fulashi ndi zosalalitsa nkhope, ndipo wina akujambuleni ndi kamera yakumbuyo. Jambulani zithunzi zitatu, chakutsogolo ndi cha mbali iliyonse, kenaka chimodzi chapafupi mutaika lula kapena ndalama yachitsulo pambali pa bangalo. Ngati chilemacho chasowa, vuto linali kuwala. Ngati chilipobe, sungani zithunzizo ndi tsiku lake ndipo mubwereze pamalo omwewo ndi nthawi yomweyo pakatha milungu 4 iliyonse. Kujambula tsiku ndi tsiku sikuthandiza, chifukwa khungu silisintha mofulumira chotero ndipo mumangodziwonjezera nkhawa.

Pali chinthu chimodzi chimene kamera imabisa mmalo mokuza. Pakhungu lakuda, malo otupa safiira monga amachitira pakhungu loyera, koma amaoneka oderapo, otuwa kapena ofiirira pang'ono, ndipo pachithunzi sangaoneke n'komwe. N'chifukwa chake muyenera kukhudza malowo ndi kuseri kwa dzanja n'kuyerekeza ndi mbali inayo, pakuti kutentha, kulimba ndi kupweteka zimanena zoona kuposa mtundu.

## Chizindikiro chachiwiri: madontho akuda kapena nkhope yosiyana mtundu

Chofala kwambiri ndi madontho otsala chiphuphu chikapola. Khungu lathu likatupa kapena kuvulala, timaselo topanga mtundu wa khungu timatulutsa utoto wochuluka pamalopo, ndipo dontho limatsala ngakhale chilonda chitatha. Mudzalizindikira chifukwa ndi losalala, silipweteka, ndipo lili ndendende pomwe panali chiphuphu, pomwe munakanda kapena pomwe udzudzu unaluma. Madontho abulauni, omwe utoto wake uli pamwamba, amazilala okha m'miyezi 6 mpaka 12, pamene otuwa modera, omwe utoto wake unalowa mkati, amatha kutenga zaka. Chofunika si kulimbana ndi donthoyo koma kuletsa chimene chikubala madontho atsopano, ndiye kuti kuchiza ziphuphu, kuleka kufinya, ndi kuleka kukhula nkhope ndi mwala, chinkhupule, mandimu, soda kapena mankhwala otsukira mano. Zonsezi zimatupitsa khungu, ndipo kutupa kulikonse kumasiya dontho lina. Mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposerapo, opakidwa m'mawa uliwonse, pamodzi ndi chipewa chakhonde, amathandiza kuti madonthowo asapitirire kuda. Ambiri amaganiza kuti munthu wakuda safunikira mafuta amenewa, koma pankhani ya madontho dzuwa ndilo limabweza m'mbuyo ntchito yonse.

Chachiwiri ndi melasima. Awa ndi mawanga aakulu abulauni, ofanana mbali zonse ziwiri za nkhope, pamasaya, pachipumi ndi pamwamba pa mlomo, ndipo alibe mamba, sayabwa, satukuka. Amagwira kwambiri amayi, makamaka panthawi yoyembekezera kapena pomwa mapiritsi olera, ndipo amada kwambiri m'miyezi ya dzuwa lamphamvu monga Okutobala. Obwera ndi pakati nthawi zambiri amazilala miyezi ingapo mwana atabadwa. Melasima si woopsa, koma ndi wamakani ndipo amabwerera, choncho kudziteteza ku dzuwa ndiye maziko a chithandizo chake. Mankhwala oyeretsa amphamvu aperekedwe ndi dokotala kwa miyezi yowerengeka, osati kugula nokha n'kumapaka chaka chonse.

Chachitatu ndi kuwonongeka kobwera ndi mafuta oyeretsa khungu. Chithunzi cha munthu wotere chimadziwika msanga, chifukwa nkhope imawala kuposa khosi ndi makutu, pamene mfundo za zala, zigongono ndi mawondo zimatsala zakuda. Mafuta amenewa amakhala ndi chimodzi kapena zingapo mwa zinthu zitatu. Masiteroidi amphamvu, omwe ndi mankhwala ochepetsa kutupa, monga kilobetasolo ndi betametasoni, amapyapyalitsa khungu, amaonetsa timitsempha, amabala ziphuphu, tsitsi la kumaso ndi mizere yong'ambika m'khwapa ndi m'ntchafu. Haidirokwinoni, akapakidwa kwa nthawi yaitali munthu akuyenda padzuwa, amachita zosiyana ndi zomwe anagulidwira, pakuti amadetsa masaya ndi m'mbali mwa maso ndi utoto wakuda motuwa wokhala ndi timadontho tonga mapira. Vutoli limatchedwa okironosisi, ndipo madokotala a ku South Africa analifotokoza mwa amayi ambiri mu 1975, dzikolo lisanaletse haidirokwinoni m'zodzoladzola mu 1990. Okironosisi ndi wovuta kwambiri kuchiza, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti munthu akaona kudako amawonjezera mafuta omwewo poganiza kuti achepa mphamvu. Chinthu chachitatu chopezeka m'mafutawa ndi mekyule, yemwe amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo ndipo amavulaza mwana wosabadwa. Botolo losalembedwa zomwe zili mkati, kapena kirimu wosakanizidwa ndi wogulitsa, muzimuyesa kuti ali ndi zinthu zimenezi.

Zosowa koma zofunika kuzidziwa:

- Khosi lakuda kumbuyo ndi m'mbali, lokhuthala ndi lofewa, lomwe silichoka posamba ndipo kudako kumaonekanso m'khwapa. Si litsiro, ndipo kukhula kumalikulitsa. Nthawi zambiri limasonyeza kuti thupi likuvutika kugwiritsa ntchito insulini, choncho kayezetseni shuga.
- Kuda ndi kusenda kwa malo oombedwa ndi dzuwa okhaokha, monga kuseri kwa manja, mikono, mapazi ndi mzere wozungulira khosi ngati mkanda, makamaka ngati munthu akutsekula m'mimba kapena akusokonezeka maganizo. Awa ndi matenda a pelagira, obwera chifukwa chosowa vitamini wa niyasini mwa anthu odalira chimanga chokha, omwa mowa kwambiri, ndi ena omwa isoniyazidi, mankhwala a chifuwa chachikulu. Mu 1990 matendawa anagwira anthu oposa 18,000 pakati pa othawa nkhondo ya ku Mozambique omwe ankakhala m'Malawi, mtedza utasowa pa chakudya chomwe ankalandira. Amachizika msanga kuchipatala, koma akalekereredwa amapha.
- Banga lozungulira lakuda lomwe limayaka ndi kuyabwa pamalo omwewo, kawirikawiri pamlomo kapena kumaliseche, nthawi iliyonse mukamwa mankhwala ena ake monga bakitirimu. Auzeni achipatala kuti alembe zimenezi m'buku lanu la kuchipatala.

## Chizindikiro chachitatu: ziphuphu

Ziphuphu wamba ndizo zofala. Timabowo ta khungu timatsekeka ndi mafuta a thupi pamodzi ndi khungu lakufa, tizilombo tokhala momwemo timachulukana, ndipo pamatupa. Chozindikirira chake n'chakuti zimakhala zamitundumitundu nthawi imodzi: timitu takuda, timitu toyera, zotupa zofiirira ndi zina zamafinya, kumaso, pachifuwa ndi kumsana. Sizibwera chifukwa cha uve, ndipo kusamba kasanu patsiku kumangoumitsa khungu.

Ngati ndi zazing'ono ndipo sizikusiya maenje, mungayambe motere:

- Sambani kumaso kawiri patsiku ndi sopo wofatsa, pogwiritsa ntchito manja okha.
- Pakani benzoilo perokisaidi wa 2.5 kapena 5 peresenti mopyapyala pamalo onse omwe ziphuphu zimatuluka, osati pamutu pa chiphuphu chokha. Yambani ndi kudumphitsa tsiku kwa milungu iwiri, kenaka tsiku lililonse. Mankhwalawa amasuwitsa nsalu, choncho samalani mapilo ndi matawulo.
- Ngati timitu totsekeka ndi tambiri, adapalini wa 0.1 peresenti wopaka usiku, wochuluka ngati njere ya nandolo pa nkhope yonse, amathandiza. Woyembekezera kapena wofuna kutenga pakati asagwiritse ntchito mankhwala amenewa.
- Ngati khungu lauma kapena likuwawa, chepetsani masiku opaka ndipo dzolani mafuta opepuka osatseka timabowo. Pakhungu lakuda kuwawa kopitirira kumasiya madontho, choncho kupaka wambiri si kuchira msanga.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: mankhwala a ziphuphu amayamba kuonetsa kusintha pakatha milungu 6 mpaka 8, ndipo sitingaweruze kuti alephera isanakwane milungu 12. Munthu wosintha kirimu sabata iliyonse sapatsa mpata mankhwala alionse.

Mafuta a tsitsi ndi zodzola zolemera ndizo zachiwiri. Mukaona timitu tambiri tating'ono pachipumi ndi m'mbali mwa nkhope motsatira malire a tsitsi, ganizirani mafuta a tsitsi, jelo wogonekera tsitsi, guluu wa wigi kapena duku losachapa. Lekani kufikitsa mafutawo pamalire a tsitsi ndipo muone kusintha m'milungu 6 mpaka 8.

Ziphuphu za siteroidi ndi zachitatu, ndipo ndimaziona mochulukirachulukira. Zimatuluka zambiri nthawi imodzi, zonse zofanana kukula, zopanda timitu takuda, mwa munthu amene wakhala akupaka kirimu woyeretsa kapena kirimu wa zotupa wokhala ndi siteroidi.

Kusintha kwa mahomoni kumabala ziphuphu zakuya ndi zopweteka pachibwano ndi m'nsagwada, zomwe zimakula msambo ukayandikira. Jakisoni wolera wa miyezi itatu ndi kachipangizo kolera koika pamkono zimatha kuzikulitsa mwa amayi ena, koma musaleke kulera panokha, kakambiraneni ndi anamwino za njira ina. Ngati pali ziphuphu, msambo wodumphadumpha ndi tsitsi lomera pachibwano, pamafunika kuyeza mahomoni ndi thumba la mazira.

Zotupa za kumeta si ziphuphu zenizeni. Tsitsi lopotana likametedwa mpaka pakhungu limapindika n'kulasa khungu lomwelo, ndipo mukayang'anitsitsa mumaona katsitsi mkati mwa chotupacho. Lekani kumeta kwa milungu 4, kenaka muzimeta ndi makina osiya katsitsi pang'ono, motsatira kumene tsitsi lagonera. Zotupa zolimba za kunkhongo zomwe zayamba kulumikizana zifike kuchipatala msanga, chifukwa zikasanduka chipsera chokhuthala tsitsi silimeranso.

### Chitsanzo chimodzi mwatsatanetsatane

Mayi wina wa zaka 26, wogulitsa m'sitolo, ananditumizira chithunzi cha masaya odzaza ndi tiziphuphu tofanana, nkhope yowala kuposa khosi, ndi madontho akuda pachibwano. Chithunzicho chinali chojambulidwa usiku ndi fulashi, choncho ndinamupempha kuti abwere masana atanyamula chilichonse chimene amadzola. Nkhani yake inali yotere: miyezi 9 m'mbuyomo anali ndi ziphuphu zochepa pachibwano, anazifinya, zinasiya madontho, ndipo mnzake anamupatsa kirimu wa m'chubu woti azisakaniza ndi mafuta odzola. Mwezi woyamba nkhope inasalala n'kuwala, ndipo aliyense ankamuyamikira. Pofika mwezi wachinayi ziphuphu zatsopano zinatuluka, ndipo nthawi iliyonse akaleka kirimuyo kwa masiku atatu nkhope inkayaka ndi kuyabwa, iye n'kubwereranso. Pachubupo panalembedwa kilobetasolo wa 0.05 peresenti, yemwe ali m'gulu la masiteroidi opaka amphamvu kwambiri, woyenera matenda ena a khungu kwa milungu yochepa ndipo osati kumaso.

Zomwe chithunzi sichikanandiuza ndinazipeza pomufunsa ndi pomuyang'ana. Ankapaka kumaso kokha, osati thupi lonse, analibe mizere yong'ambika, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zinali bwino, ndipo sanali woyembekezera. Tinagwirizana zoleka kilobetasolo, ndipo kuti kuyakako kupiririke anagwiritsa ntchito haidirokotizoni wa 1 peresenti, yemwe ndi siteroidi wofooka, mochepetsa pang'onopang'ono kwa milungu itatu. Anamwa dokisisaikilini wa mamiligiramu 100 kamodzi patsiku kwa milungu 12, ndi madzi okwanira kapu yathunthu ndiponso osagona atangomwa, chifukwa mankhwalawa amapsereza kummero. M'mawa ankadzola mafuta oteteza ku dzuwa, ndipo benzoilo perokisaidi tinamuyamba pa sabata yachinayi, khungu litaleka kuwawa.

Ndinamuchenjeza za chinthu chimene chimagonjetsa anthu ambiri, chakuti milungu yoyambirira nkhope idzaipa kuposa kale ndipo idzada kubwerera ku mtundu wake. Zinaterodi, ndipo pa sabata yachiwiri anafuna kubwerera ku chubu chija. Chomwe chinamulimbitsa mtima chinali zithunzi za pakhonde lomwelo pa milungu 4 iliyonse: pa sabata 8 ziphuphu zatsopano zinali zochepa, pa sabata 12 zinali zitatsala zowerengeka, ndipo madontho a pachibwano, omwe anayambitsa nkhani yonseyi, anali akuzilalabe pa mwezi wachisanu ndi chitatu. Akanangowasiya pachiyambi n'kuchiza ziphuphu zochepa zija, mwina akanakhala atazilala kale.

Chenjezo limodzi pa chitsanzochi: munthu amene wapaka siteroidi wamphamvu thupi lonse kwa miyezi yambiri asaleke mwadzidzidzi payekha. Mankhwalawo amalowa m'magazi n'kugonetsa tiziwalo ta pamwamba pa impso tomwe timapanga mahomoni ofunika, ndipo kuleka kamodzin'kamodzi kungabweretse kufooka kwakukulu, chizungulire, kusanza ndi kutsika kwa kuthamanga kwa magazi. Wotere achepetse motsogozedwa ndi dokotala.

Lekani kudzichiza ziphuphu ndipo pitani kuchipatala ngati:

- pali zotupa zazikulu, zakuya ndi zopweteka, kapena zayamba kusiya maenje ndi zipsera zotukuka;
- mwatsatira chithandizo milungu 12 popanda kusintha;
- ndinu woyembekezera, chifukwa dokisisaikilini, adapalini ndiponso makamaka isotiretinoini, mankhwala akumwa a ziphuphu zazikulu, ndi zoletsedwa;
- zayamba mwadzidzidzi muli wamkulu, kapena mutayamba mankhwala atsopano;
- zikukuchititsani kubisala m'nyumba kapena kutaya mtima;
- "ziphuphuzo" zikuyabwa kwambiri ndipo zili m'mikono ndi m'miyendo, pakuti zimenezo zingakhale mphere kapena chizindikiro cha kutsika kwa chitetezo cha m'thupi, ndipo kuyezetsa magazi n'koyenera.

## Chizindikiro chachinayi: mawanga oyererako

Zikanga ndizo zofala mwa achinyamata ndi akulu. Ndi timawanga tambiri pachifuwa, kumsana, m'khosi ndi m'mapewa, tomwe timalumikizana, ndipo mukakanda pang'ono ndi chikhadabo pamatuluka timamba tonga ufa. Zimayamba ndi kafangasi komwe kamakhala pakhungu la aliyense koma kamachuluka ndi thukuta. Shampu ya ketokonazolo wa 2 peresenti yopaka pakhungu n'kuisiya mphindi 5 musanatsuke, tsiku lililonse kwa masiku 5, kapena kirimu wa kilotirimazolo kawiri patsiku kwa milungu iwiri mpaka inayi, zimakwanira. Mtundu wa khungu umabwerera patapita miyezi, choncho chizindikiro cha kuchira ndi kutha kwa timamba, osati kutha kwa banga.

Mawanga otuwa pamasaya a ana kawirikawiri amakhala khungu louma, ndipo mafuta odzola wamba ndi kuchepetsa sopo wamphamvu zimathandiza. Koma banga lozungulira, lotukuka m'mphepete, loyabwa ndi lomakula ndi chipere. Cha pathupi chimamva kilotirimazolo, pamene cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa monga giriseofuluvini kwa milungu 6 mpaka 8, chifukwa kirimu safika ku mizu ya tsitsi. Chipere chikapakidwa siteroidi chimaleka kuyabwa kwa masiku ochepa, mphepete yake imazimirira, koma chimafalikira mobisika mpaka ngakhale wachipatala amavutika kuchizindikira.

Vitiligo amasiyana ndi zonsezi chifukwa khungu limayera mbee ngati mkaka, lopanda mamba, ndi malire ooneka bwino, nthawi zambiri mozungulira maso, pakamwa ndi m'zala. Sapatsirana ndipo si khate. Kufika msanga kwa dokotala wa khungu kumathandiza, pakuti mawanga atsopano, makamaka a kumaso, ndiwo amamva mankhwala.

Khate ndilo losowa pa mndandandawu, koma ndilo loyenera kuliganizira pa banga lililonse loyererako lomwe latha miyezi, losayabwa ndi losamva mankhwala a zikanga. Malawi anafika mu 1994 pa mlingo womwe khate silinkawerengedwanso ngati vuto lalikulu la dziko, koma matendawa sanathe ndipo odwala atsopano akupezekabe. Kuyesa kwake n'kosavuta: munthuyo atsinzine, wina amukhudze ndi kansonga ka thonje pakhungu labwino kenaka pakati pa bangalo, ndipo iye aloze pomwe wakhudzidwa. Ngati pabangapo sakumva, kapena ali ndi dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kapena amapsa ndi moto osazindikira, apite kuchipatala sabata yomweyo. Mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo amachiza, koma sabwezera mitsempha yomwe yafa kale. Palibe chithunzi chomwe chingasonyeze dzanzi, ndipo ichi n'chifukwa chake sindivomera kutchula dzina la banga loyera pafoni.

## Pamene simuyenera kutumiza chithunzi koma kunyamuka

Tsiku lomwelo, ngakhale usiku:

- zidzolo zofalikira pamodzi ndi kutentha thupi, zilonda m'kamwa, m'maso kapena kumaliseche, kapena khungu losupuka ngati lapsa, makamaka m'milungu 8 yoyamba mutayamba mankhwala monga bakitirimu, fansida, nevirapini kapena ena a khunyu; musamwenso mankhwala omwe mukuwakayikirawo kufikira achipatala atakuonani, ndipo muwanyamule;
- kutupa kwa milomo, lilime kapena zikope pamodzi ndi kubanika;
- chithupsa cha pamphuno, pamlomo wam'mwamba kapena pafupi ndi diso chomwe kutupa kwake kukufalikira, chikutentha ndipo mutu ukupweteka; musachifinye;
- matuza opweteka mbali imodzi ya chipumi kapena pamphuno, pakuti mashingozi a pamenepo angawononge diso, ndipo mankhwala ake amagwira bwino akayambidwa m'maola 72;
- matuza kapena zotupa zamafinya zotuluka pamodzi ndi kutentha thupi ndi kutupa kwa mwanabere, ndipo pakadali pano musagone pamodzi kapena kubwerekana zovala ndi ena.

Mkati mwa sabata imodzi kapena ziwiri:

- mawanga kapena zotupa zakuda mofiirira, zosapweteka, m'miyendo, kumapazi, pamphuno, m'nkhama kapena kumwamba kwa m'kamwa, makamaka ngati mwendo watupa ndi kulimba; khansa ya Kaposi ndi imodzi mwa makhansa ofala kwambiri m'Malawi, imayendera kwambiri kutsika kwa chitetezo, ndipo pachithunzi imafanana ndi dontho wamba;
- dontho lakuda la kuphazi, m'chikhatho kapena mzere wakuda wa m'chikhadabo womwe ukukula, ukusintha mtundu kapena ukutuluka magazi, chifukwa mwa anthu akuda khansa ya melanoma imakonda malo amenewa;
- chilonda chilichonse chosapola pakatha milungu 4, kuphatikizapo chotuluka pa chipsera chakale cha moto;
- mawanga a kumaso, m'makutu kapena m'mutu omwe ndi oyera pakati, akuda m'mphepete ndipo akuthothola tsitsi, kapena zidzolo za kumaso zobwera ndi kupweteka kwa mfundo ndi kutopa.

Kwa munthu wachialubino malire ake ndi afupi kuposa apa. Kamalo kokhakhala kosachoka, kankhanambo kobwererabwerera kapena kachilonda pankhope, pamlomo, pakhutu kapena pakhosi kaonedwe ndi achipatala popanda kudikira milungu inayi, pakuti khansa ya pakhungu imayamba motero ndipo ikagwidwa idakali yaing'ono imachotsedwa mosavuta.

## Zoti munyamule popita kuchipatala

Yambirani pachipatala chapafupi kapena cha boma lanu, ndipo ngati pakufunika kudula kachidutswa ka khungu kokayeza kapena kuonana ndi katswiri, adzakutumizani ku zipatala zazikulu monga cha Gulupu ku Blantyre ndi cha Kamuzu ku Lilongwe, komwe kuli makiliniki a khungu. Pitani osadzola paudala kapena kirimu. Nyamulani buku lanu la kuchipatala, machubu ndi mabotolo onse ngakhale otha kapena ochititsa manyazi, sopo, mafuta a tsitsi, mankhwala azitsamba, ndi zithunzi zoyambirira za vutolo musanapakepo kanthu. Konzekerani kunena mwezi womwe linayamba, malo omwe linayambira, ngati likuyabwa, kupweteka kapena kuchita dzanzi, ngati wina pakhomo ali nalo, njira yolera yomwe mukugwiritsa ntchito, ndiponso ngati mungakhale woyembekezera. Ngati wachipatala wakupemphani kutumiza chithunzi musanafike, chitumizeni ngati `Document` kapena musankhe `HD` kuti chisachepetsedwe, mubise maso ngati nkhope yonse sikufunika, ndipo chithunzi cha mwana kapena cha malo obisika chisatumizidwe pagulu.